Chikole si chipongwe, komanso si munda wa wobwereketsa



Pali mawu awiri amene timawamva chaka ndi chaka mvula ikagwa, nkhokwe zitapepuka, mpunga ukufuna feteleza ndipo ana akufuna fizi. Wobwereka amati: "Akundifunsa chikole ngati ndine wakuba, chonsecho timaswali mzikiti umodzi." Wobwereketsa naye amati: "Munda uja ndi wa pinyolo, ndilima mpaka adzandibwezere ndalama zanga." Ife tikuona kuti onse awiri alakwitsa, koma kulakwa kwawo sikofanana. Woyambayo wakwiya ndi chinthu chimene Chisilamu chinaloleza. Wachiwiriyo akudya chinthu chimene Chisilamu chinaletsa, ndipo akudya mtima uli m'malo chifukwa sanatchule mawu oti chiwongoladzanja.

Tiyambe ndi woyambayo. Ndime yaitali kuposa zonse m'Kurani ili mu Sura ya Bakara, ndime 282, ndipo nkhani yake si swala kapena swaumu ayi, koma ngongole: kuti ilembedwe, tsiku lobweza lidziwike, pakhale mboni. Ndime yotsatira, ya 283, ndi imene ikukamba za chikole, chimene m'Chiarabu amati rahani, choperekedwa m'manja pamene anthu ali paulendo ndipo mlembi palibe. Maulama ambiri anagwirizana kuti chikole n'chololedwa ngakhale pamudzi, ndipo umboni wake ndi Mtumiki Muhammadi mwini (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye). Iye anatenga chakudya pangongole kwa Myuda wina wa ku Madina nasiya chovala chake chankhondo chachitsulo ngati chikole. Hadisi za Bukhari zikutiuza kuti pamene ankamwalira, chovalacho chinali chidakali kwa Myudayo chifukwa cha miyeso 30 ya balere. Tsono ngati munthu amene ngakhale adani ake ankamudziwa kuti ndi wokhulupirika anasiya chikole osaona ngati wanyozedwa, inu ndi ife tikwiyiranji?

Chifukwa chimene wobwereketsa amafunsira chikole n'chosavuta. Iye akutulutsa chinthu chooneka lero, ndipo akulandira lonjezo la mawa. Lonjezolo lingaphwanyike m'njira zitatu. Wobwereka angathe kukhala ndi ndalama koma osafuna kubweza. Angathe kufuna koma n'kulephera, chifukwa madzi sanafike kumunda kwake kapena matenda alowa m'nyumba. Angathenso kumwalira, olowa m'malo n'kunena kuti ife sitikudziwapo kanthu. Wobwereketsa sangaone mumtima mwa munthu, ndipo za mawa amadziwa ndi Allah yekha. Chikole chimagwira ntchito pa zitatu zonsezi. Wosafuna kubweza amakumbukira kuti njinga yake ili kwa mnzake, ndiye amafulumira. Wolephera amakhala ndi chogulitsa m'malo mothawa mudzi. Ndipo pa imfa, wosunga chikole amayamba ndiye kulipidwa kuchokera pa mtengo wa chikolecho ena onse asanagawane.

Tisaiwalenso kuti kawirikawiri ndalama zimene tikubwereka si za munthu amene akutipatsayo. Za ku banki ndi za anthu amene anasungitsa. Za banki m'khonde ndi za amayi anzathu amene amasonkha pang'onopang'ono sabata ndi sabata kuti adzagawane pakutha pa chaka. Za m'thumba la pamzikiti ndi za jamaa yonse. Msungichuma amene akufunsa chikole sakukukayikirani inu nokha ayi, akuteteza amana imene anamusenzetsa. Akapanda kutero, chaka chamawa thumba lija likhala lopanda kanthu, ndipo amene adzabwerere chimanjamanja ndi mwana wanu yemwe.

Akuluakulu amene tinalima m'zaka za m'ma 1980 tikukumbukira ngongole za makalabu. Feteleza ndi mbewu zinkabwera popanda kufunsa ng'ombe kapena malata, chifukwa chikole chinali kalabu yeniyeniyo: mmodzi akalephera, kalabu yonse imamanidwa ngongole chaka chotsatira. Kwa zaka zambiri alimi a ku Malawi ankabweza bwino kwambiri, ngakhale kuti mantha analiponso, poti otolera ngongole nthawi imeneyo sankaseka ndi munthu. Kenako kunabwera chilala cha 1992, ndale zinasintha mu 1993 ndi 1994, ndipo mphekesera inafala yakuti ngongole ya boma sabweza. Bungwe la SACA limene linkayendetsa ngongolezo linagwa, m'malo mwake munabwera MRFC mu 1994. Phunziro lake ndi ili: mawu a gulu ndi chikole chenicheni malinga ngati aliyense akukhulupirira kuti anzake abweza. Chikhulupiriro chimenecho chikatha, wobwereketsa amayamba kufunsa chinthu chogwirika. Pena pake chikole chimene tikudandaula nacho lero tinachiitana tokha.

Funso lina limene timalimva n'lakuti: n'chifukwa chiyani amafuna chikole choposa ngongole? Tiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti nkhani imveke. Mu Juni, mpunga utangokololedwa, mlimi akufuna K200,000 koma sakufuna kugulitsa kwa mavenda pamtengo wa nthawi yokolola. Akupeza m'bale womubwereka ndalamazo mpaka Novembala, ndipo m'baleyo akuti asiye matumba 7 a mpunga wosapuntha. Ngati thumba lili pa K40,000, ndiye kuti chikole ndi cha K280,000 pa ngongole ya K200,000. Mlimi akuona ngati amubera. Koma taonani mbali inayo. Mpunga ukauma bwino umapepuka. Makoswe ndi tizilombo zimadyako. Mtengo ungatsike m'malo mokwera. Ndipo tsiku logulitsa pamafunika ngolo kapena kabaza wopititsa matumbawo kumsika wa Songani. Zonsezi zimadya mtengo wa chikole, tsono wobwereketsa amasiya malo oti zikachitika, ndalama yake ikwanebe.

Chofunika kumvetsa n'chakuti K80,000 yapamwambayo si yake. Tiyerekeze Novembala wafika, mlimi walephera kubweza, ndipo agwirizana kugulitsa matumbawo pa K35,000 lililonse. Zonse pamodzi ndi K245,000. Achotsepo K10,000 ya mayendedwe, achotsepo K200,000 ya ngongole, yotsala ndi K35,000, ndipo imeneyi ibwerere kwa mlimi tsiku lomwelo. Zikanakhala kuti matumbawo agulidwa K180,000 yokha, mlimi akanatsala ndi ngongole yoti amalize. Chikole sichisintha kukula kwa ngongole, sichiikweza ndipo sichiifafaniza. Chimangoima kumbuyo kwake basi. Choncho pangano lija timalimva kawirikawiri, lakuti "ukapanda kubweza pofika tsiku lakuti, njinga yasanduka yanga", n'losavomerezeka m'Sharia. Umenewu unali mchitidwe wa Aarabu Chisilamu chisanafike, ndipo Mtumiki anauthetsa. Katundu amakhalabe wa mwini wake mpaka atagulitsidwa poyera, pamtengo wa pamsika, mwini wake akudziwa. Mwiniyo akakana kugulitsa komanso kukana kubweza, nkhani ipite kwa oweruza, osati wobwereketsa kudziweruzira yekha usiku.

Asodzi amadandaula kuti obwereketsa sakonda kulandira bwato kapena khoka ngati chikole, pamene zinthu zimenezi n'zodula kuposa njinga. Chifukwa chake chili m'nyanja momwemo. Chilwa inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka matope. Chaka chimene nyanja yauma, msodzi sapha matemba ndiye sangabweze ngongole. Koma chaka chomwecho ndi chimene palibe munthu ku Kachulu amene angagule bwato, poti aliyendetsa pati? Ndiye kuti ngongole ndi chikole chake zafera limodzi. Wobwereketsa wanzeru amafuna chinthu chimene mtengo wake sugwa pa tsiku lomwe mwini wake wagwa. N'chifukwa chake mbuzi, ng'ombe, makina osokera kapena njinga zimalandiridwa msanga kuposa zida za m'madzi, ndipo n'chifukwa chakenso mpunga umene udakali m'munda ndi chikole chofooka kwa mlimi wa mpunga. Amene anaona madzi a Namondwe Freddy mu Malichi 2023 safunika kuuzidwa zambiri.

Tsopano tifike pa nkhani imene yatilembetsa, pinyolo wa minda. Mchitidwe wake tonse tikuudziwa. Munthu wapanikizika mu Januwale, mwina ndi matenda, maliro kapena fizi. Akupita kwa amene ali nazo, akulandira K200,000, ndipo akupereka puloti yake ya mpunga kuti mnzakeyo azilima "mpaka ndalama zidzabwere". Palibe tsiku lotha. Palibe chiwongoladzanja chotchulidwa. Onse awiri akuchoka akunena kuti athandizana mwaubale.

Tiyeni tiwerenge, ndi manambala ongoyerekezanso. Puloti ya kota ya ekala, yolimidwa bwino, tinene kuti yatulutsa matumba 8. Pa K40,000 thumba, ndi K320,000. Tichotsepo K170,000 ya mbewu, feteleza, aganyu owokera ndi opalira, woingitsa mbalame ndi ndalama ya madzi. Patsala K150,000 pa ulimi umodzi. Ngati puloti ili pamene madzi amafika ndi m'chilimwe momwe, amalima kawiri pachaka, ndiye K300,000. Pakatha zaka ziwiri wobwereketsa wadya K600,000, katatu kuposa zimene anapereka. Nanga ngongole yatsala zingati? Idakali K200,000 yonse, osachokapo ndi tambala yomwe. Abale, ngakhale wa katapila amene timamunyoza pa mimbari amatchula poyera kuti pa K100 mudzabweze K150. Apa phindu labisala m'matumba a mpunga, koma dzina lake silinasinthe. Lamulo limene maulama onse amalidziwa n'lakuti ngongole iliyonse imene yakokera phindu kwa wobwereketsa mwa pangano, phindulo ndi riba. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Choipa chachiwiri cha pinyolo wotere n'chakuti amadula dzanja limene likanabweza ngongole. Munthu uja ndalama ankazipeza m'puloti yomweyo. Tsopano puloti ili kwa wina, iye wasanduka waganyu, nthawi zina m'munda mwake momwe. K200,000 aitenga kuti? Chaka chimatha, china chimatha, ana ake amakula akuona munthu wina akukolola pamenepo, ndipo tsiku limene mwini wake wamwalira, mboni zimayamba kusiyana mawu: ena akuti anapinyolitsa, ena akuti anagulitsa. Milandu yambiri ya minda imene imafika kwa mafumu inayamba ngati kuthandizana.

Pali amene amatiyankha kuti: "Koma Shehe, mwini wake anavomera yekha, sitinamukakamize." Zoona, anavomera. Koma munthu amene mwana wake ali m'chipatala amavomera chilichonse. Riba sisanduka halali chifukwa wodyeredwayo wagwedeza mutu, poti ngakhale wokongola katapila amavomera. Funso loti mudziyese nalo ndi ili: pakanapanda ngongoleyi, kodi munthuyu akanandipatsa puloti yake kuti ndizilima ulere zaka ziwiri? Ngati yankho ndi ayi, ndiye kuti mpunga umenewo ndi mtengo wa ngongole, si mphatso.

Ena amati: "Nanga ine ndipindulanji? Ndalama yanga ikagone kwa munthu chaka chonse, kwacha ikugwa?" Dandaulo ili n'lomveka ndipo sitiliseka. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 iliyonse, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 pa 100. Amene anabwereketsa ndalama mu Okutobala chaka chimenecho n'kulandira zomwezo mu Juni, analandira zochepa m'manja mwa wogulitsa feteleza. Koma mankhwala ake alipo osalowa m'haramu. Ngati mukuopa kugwa kwa ndalama, bwereketsani chinthu m'malo mwa ndalama: thumba la chimanga lidzabwere thumba la chimanga, thumba la feteleza lidzabwere thumba la feteleza la mtundu womwewo. Ngati mukufuna phindu, chitani malonda, osati ngongole: gulani feteleza, mumugulitse mlimi pamtengo umodzi wodziwika woti adzalipire mu Juni, ndipo mtengowo usakwerenso ngakhale atachedwa. Pa malonda oterewa kufunsa chikole n'kololedwa ndithu. Phindu lanu lichokere m'malonda, lisachokere m'chikole.

Ndipo ngati chimene mukufuna ndi puloti, ibwerekeni poyera ngati lendi. Tibwerere ku chitsanzo chathu. Tinene kuti lendi ya puloti yotere m'dera lanu ndi K50,000 pa ulimi umodzi. Mwini puloti akufuna K200,000. Mumupatse ndalamazo ngati lendi ya maulimi anayi, mulembe kuti ulimi woyamba ndi uti ndipo wotsiriza ndi uti. Ulimi wachinayi ukatha, puloti ibwerera kwa mwini wake ndipo palibe amene ali ndi ngongole ndi mnzake. Taonani kusiyana kwake. M'njira yoyamba ija mlimi wataya zaka ziwiri ndipo akadali ndi ngongole ya K200,000. M'njira iyi wataya zaka ziwiri zomwezo koma wamasuka. Wolimayo naye wapindula ndi thukuta lake, ndipo wasenza yekha chiopsezo cha madzi ndi mbalame monga mlimi aliyense. Chenjezo lake ndi limodzi: lendi ikhale ya mtengo umene anthu ena akulipira m'deralo. Mukaitsitsa dala chifukwa munthuyo wapanikizika, ndiye kuti riba ija yangolowera khomo lakuseri.

Palinso chifukwa china chimene puloti sikwanira kukhala chikole. Maulama anaika muyeso wosavuta: chimene sungathe kuchigulitsa sungathenso kuchiika chikole, pakuti ntchito ya chikole ndi kugulitsidwa ngongole ikakanika. Malo a mu sikimu ya Domasi anakonzedwa ndi boma, ndipo lero akuyendetsedwa ndi bungwe la alimi ogwiritsa ntchito madzi. Mlimi ali ndi ufulu wolima potsata malamulo a bungwelo, koma si malo oti angadzuke n'kugulitsa ngati mbuzi yake. Ngakhale za lendi zimene tanenazi, yambani mwafunsa akomiti kuti malamulo awo akuti chiyani. Chimodzimodzi munda wa kumtunda. Kuno kwathu munda ndi wa mbumba, umayenda kuchokera kwa mayi kupita kwa ana ake aakazi. Mkamwini amene wapinyolitsa munda wa mkazi wake, kapena mwini mbumba amene wapinyolitsa munda alongo ake osadziwa, waika chikole chinthu cha eni. Ndi chifukwa chomwechi mabanki sakhutira ndi mawu oti "munda ndi wanga, amfumu akudziwa". Amafuna chikalata cha umwini chimene khoti lingachizindikire, chifukwa popanda chimenecho sangagulitse. Lamulo la malo a makolo la 2016 linatsegula njira yolembetsa malo otere, koma kulembetsa kusatipangitse kuiwala kuti munda ukapita, wapita ndi chakudya cha zidzukulu.

Muyeso womwewu ukutithandiza pa zinthu zina zimene anthu ayamba kusiya kwa obwereketsa: chiphaso cha unzika, khadi la ku banki pamodzi ndi nambala yake yachinsinsi, buku la kuchipatala. Zimenezi si katundu wogulitsa, choncho si chikole. Ndi chingwe chomangira munthu basi. Wosunga khadi lanu la ku banki amadzilipira yekha mwezi ndi mwezi inu osaona, ndipo wosunga chiphaso chanu angathe kukatengera zinthu m'dzina lanu. Munthu akakufunsani zimenezi, dziwani kuti sakufuna kuteteza ndalama yake, akufuna kukugwirani pakhosi.

Nanga chikole chikakhala m'manja mwa wobwereketsa, ndani amachisamala ndipo ndani amadya zipatso zake? M'mazihabu ya Imamu Shafi, imene ambiri kuno timatsata, chikole ndi amana. Mbuzi ya chikole ikaswa, mwanayo ndi wa mwini mbuzi. Mkaka ndi wake, ndipo udindo wodyetsa ndi kugula mankhwala ndi wakenso. Maulama ena, makamaka a mazihabu ya Imamu Ahamadi, amalola wosunga kukama kapena kukwera chiweto molingana ndi zimene akuwononga pochidyetsa, osapitirira apo. Palibe amene analola kuti wosunga njinga ya chikole aiike pa kabaza n'kumadya ndalama zake. Chikole chikawonongeka popanda kulekerera, monga madzi osefukira atakokolola nyumba ndi matumba omwe, wosungayo salipira ndipo ngongole ikadalipo. Koma ngati anaika matumbawo pansi pachinyontho, kapena anabwereketsa njinga kwa mphwake n'kuithyola, ameneyo alipire. Kuti mikangano yotere ichepe, Sharia imalola kuti awiriwo asankhe munthu wachitatu wokhulupirika amene asunge katunduyo. Apa ndi pamene makomiti a mizikiti ndi makalabu a alimi angathandize: chipinda chimodzi chouma, chokhala ndi loko ndi kaundula, chingapulumutse maubale ambiri.

Mazihabu yomweyi imalolanso mwini katundu kupitiriza kugwiritsa ntchito chikole chake malinga ngati sakuchiwononga kapena kuchigulitsa. Izi n'zofunika kwa telala amene makina ake ndiwo adzabweze ngongole. Lamulo la dziko nalonso linafika pamenepa. Mu 2013 Malawi anakhazikitsa lamulo lolola katundu wosunthika, monga ziweto, makina ndi zokolola, kukhala chikole cholembedwa m'kaundula wa boma ku ofesi ya Rejisitala Jenerale, katunduyo ali m'manja mwa mwini wake. Ubwino wake ndi wakuti munthu wopanda chikalata cha malo ali ndi choonetsa. Koma dziwani kuti katundu wolembedwa chotere simungamugulitse mwakachetechete kapena kukamuikanso chikole kwina ngati kuti ndi womasuka. Ndipo inu ogula njinga yamoto kapena chigayo kwa munthu, funsani kaye ngati palibe ngongole imene yachimanga. Tinenenso mosabisa: chikole chabwino sichiyeretsa ngongole ya chiwongoladzanja. Kaya ndi ku banki, kaya ku bungwe lobwereketsa, kaya kwa mnansi, funso la chikole ndi lina, funso la riba ndi linanso, ndipo onse awiri ayenera kufunsidwa musanasaine.

Nanga wopanda mbuzi, wopanda njinga, wopanda thumba ngakhale limodzi? Kwa iye kuli njira ya womuimira, imene m'Chiarabu amati kafala. Tsiku lina anabweretsa maliro kwa Mtumiki, ndipo atamva kuti malemuyo wasiya ngongole popanda chobwezera, anauza maswahaba kuti amuswalire okha. Abu Katada atalonjeza kuti ngongoleyo alipira iye, m'pamene Mtumiki anaswalira malirowo. Nkhaniyi ikutionetsa kulemera kwa ngongole, komanso kulemera kwa kuimira mnzako. Ambiri timasaina ngati oimira poganiza kuti tikungochitira umboni kuti munthuyu timamudziwa. Ayi ndithu. Mboni imanena zimene inaona, koma woimira amalipira. Musanaike chala papepala la ngongole ya gulu kapena ya mlamu wanu, dzifunseni ngati mungathe kutulutsa ndalama yonseyo m'thumba mwanu. Ngati simungathe, kanani mwaulemu lero, kusiyana ndi kudzadana mawa.

Pempho lathu kwa jamaa ndi lakuti ngongole iliyonse ya chikole, ngakhale ya pakati pa mtsibweni ndi mphwake, ilembedwe papepala limodzi, aliyense atenge lake. Palembedwe kuchuluka kwa ngongole ndi tsiku lobweza. Palembedwe chikole mwatsatanetsatane: ngati ndi mbuzi, mtundu ndi msinkhu wake, ngati ndi matumba, chiwerengero, kulemera ndi mtundu wa mpunga, poti Kilombero ndi Faya si mtengo umodzi ndi mpunga wamba, ngati ndi njinga, nambala yake. Palembedwe mtengo wake wa lero umene mboni zavomereza, dzina la wosunga, ndi amene azidyetsa kapena kuthira mankhwala. Pomaliza palembedwe kuti ngongole ikakanika, adzagulitsa ndani, kuti, patapita masiku angati a chenjezo, ndiponso kuti chotsala chidzabwerera kwa mwini wake. Mboni zisainire, ndipo mkazi kapena mwamuna wa wobwerekayo adziwe. Pepala lotere silitenga ngakhale theka la ola pakhonde la mzikiti ikatha swala ya Ijumaa.

Kwa inu amene Allah anakupatsani zobwereketsa, ufulu wogulitsa chikole muli nawo, koma Sura ya Bakara yomweyo, pa ndime 280, ikulamula kumudikira amene wapanikizika mpaka atapeza, ndipo ikuti kumukhululukira n'kwabwino koposa. Siyanitsani pakati pa amene wakolola matumba 20 n'kukagula wailesi, ndi amene puloti yake inakwiririka ndi mchenga. Woyambayo mugulitseni chikole mosazengereza, chifukwa kuchedwetsa dala ngongole munthu ali nazo ndi kupondereza. Wachiwiriyo mupatseni ulimi wina umodzi. Ndipo inu amene lero mukulima puloti ya pinyolo, khalani pansi ndi mwini wake pamaso pa mboni mpunga wa chaka chino usanawokeredwe. Werengani maulimi amene mwakolola, muike lendi yoyenera pa uliwonse, muichotse pa ngongole. Ngati ngongole yatha, bwezani puloti. Ngati mwadya zopitirira, bwezaninso zapamwambazo kapena mupemphe mwini wake akukhululukireni ali moyo, pakuti tsiku la Kiyama kulibe kwacha yolipirira.

Allah atipatse rizki la halali, atiteteze ku ngongole yolemetsa, ndipo adalitse minda ndi nyanja yathu. Wasalamu alaikumu.